Chikole ndi Tsiku Lomaliza pa Pangano Logula Nyumba: Mau Olankhulidwa ku Nkhudzi

Anthu a ku Nkhudzi ndi a m'midzi yoyandikana nayo, pamodzi ndi mafumu ndi aphunzitsi, anasonkhana kudzamva mkulu wina wodziwa malamulo a za malo. Mau ake alembedwa pano kuti afike kwa ena a m'boma la Mangochi amene sanathe kubwera.

Mkuluyo anayamba ndi kunena kuti mapepala ambiri amene anthu a m'mbali mwa nyanja amalemberana pogulitsana nyumba amanena zinthu zitatu zokha: dzina la wogulitsa, dzina la wogula, ndi mtengo. Pansi pake pamakhala masiginecha ndi chidindo. Pepala lotere ndi lokwanira pamene zonse zayenda bwino, koma tsiku limene malonda afa silithandiza munthu, pakuti silinena kumene ndalama zimene zinaperekedwa kale zidzapite. "Mlandu umene umafika ku khoti," iye anati, "kawirikawiri suli wa mtengo ai. Mtengo onse awiri amaukumbukira. Mlandu uli pa ndalama zoyamba zija, kuti zibwerere kapena zisabwerere." Tsono anapempha anthu kuti atsate ndalamazo ndi maso kuyambira tsiku losaina kufikira tsiku lopereka makiyi.

Anati tiyerekeze mphunzitsi wina amene ali pafupi kupuma pa ntchito, ndipo afuna kugula nyumba ya njerwa pafupi ndi gombe la Nkhudzi. Nyumbayo ili pa malo a lizi, ndiko kuti malo amene Boma linabwereketsa kwa zaka zowerengeka, ndipo ali ndi mapepala ake. Mwini wake ndi msodzi amene afuna ndalama zogulira injini ya boti ndi chilimila chatsopano. Agwirizana mtengo wa K20,000,000. Mphunzitsi ali ndi K2,000,000 m'manja, ndipo K18,000,000 zotsalazo adzazipeza ku ndalama zake zopumira pa ntchito ndi ku ngongole ya banki. Asaina pepala pa 2 Juni.

Funso loyamba ndi lakuti K2,000,000 zimenezi ndi ndalama zanji. Anthu amati "ndapereka dipoziti," ena amati "ndayambako kulipira," ndipo amayesa kuti ndi chinthu chimodzi. Pa malamulo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndalama zongoyambirako kulipira ndi gawo la mtengo basi. Malonda akafa, ngakhale afe chifukwa cha wogula, ndalamazo zimayenera kubwerera kwa iye, wogulitsa atachotsapo zimene angasonyeze kuti wataya. Koma chikole ndi china. Chikole ndi ndalama zimene wogula amaika monga umboni wakuti sadzathawa. Akamaliza kugula, chikolecho chimawerengedwa pa mtengo. Akathawa popanda chifukwa chololedwa ndi pangano, chikole chimatsala kwa wogulitsa chonse, ngakhale wogulitsayo asanataye tambala imodzi. Mkuluyo anati akuluakulu a m'mudzi sangadabwe ndi zimenezi, pakuti mau omwewa a chikole amawadziwa pa nkhani ya chitomero, pamene mnyamata amasiya kanthu kosonyeza kuti mau ake si a masewera. Anthu anaseka.

Chotero pepala linene poyera kuti K2,000,000 zaperekedwa monga chikole, ndi kuti zidzawerengedwa pa mtengo pa tsiku lomaliza. Mau amenewa akasowa, oweruza ndiwo adzayesa kupeza chimene anthu awiriwo anali kuganiza, ndipo aliyense adzakumbukira zimene zili zomukomera.

Wogulitsa wina angaganize kuti ngati zili choncho, kuli bwino kupempha chikole chachikulu. Mkuluyo anachenjeza kuti nzeru imeneyo ingamubwerere mwini wake. Mwambo wakale pa malonda a malo ndi wakuti chikole chikhale gawo limodzi la magawo khumi a mtengo, K10 pa K100 iliyonse, monga momwe mphunzitsi uja waperekera. M'chaka cha 1993 khoti la apilo la ku London lotchedwa Privy Council linaweruza mlandu wochokera ku Jamaica, m'mene banki ina inagulitsa malo ndi kulandira chikole cha K25 pa K100 iliyonse, tikayesa m'ndalama zathu. Wogula atalephera kumaliza pa nthawi yake, banki inafuna kusunga zonse. Oweruza anati chikole chotere chapitirira muyeso popanda chifukwa chomveka, chasanduka chilango, ndipo analamula kuti zibwezedwe, banki ichotsepo zokhazo zimene inatayadi. Sanati banki isungeko gawo limodzi la magawo khumi ai. Chiweruzo chimenecho si cha makhoti a dziko lino, koma malamulo athu a mapangano anachokera ku muzu womwewo wa malamulo a Angerezi, amene analowa kuno m'chaka cha 1902, ndipo oweruza athu amalabadira ziweruzo zotere.

Pamenepo anafika pa chinthu chimene anati anthu a kuno sachiganiza konse, ndicho chakuti chikole chisungidwe ndi yani. Msodzi uja akalandira K2,000,000 m'manja mwake pa 2 Juni, pofika pa 5 Juni zasanduka injini. Malonda akafa pa chifukwa chimene sichili cha munthu ali yense, mphunzitsi adzauzidwa kuti adikire usipa ugwidwe. Pepala lidzanena kuti ndalama zake zibwezedwe, koma ndalamazo zili pa nyanja. Njira yabwino ndi yakuti chikole chisungidwe ndi loya, ndipo pepala linene kuti loyayo asunga m'malo mwa onse awiri, sapereka kwa wogulitsa kufikira tsiku lomaliza, ndipo sabweza kwa wogula popanda chifukwa cholembedwa m'pangano. Izi ndi zosiyana ndi loya wolandira m'malo mwa wogulitsa yekha, pakuti ameneyo angathe kupereka ndalamazo kwa mwini nyumba tsiku lomwelo. Ngati wogulitsa aumirira kuti afuna ndalama m'manja msanga, wogula adziwe kuti akumukongoza munthuyo popanda chomugwirira, ndipo achepetse ndalamazo. Ziperekedwenso kudzera ku banki kapena ndi lisiti losainidwa pamaso pa mboni, kuti tsiku ndi chiwerengero zisadzakanidwe.

Atatha izi anafotokoza za mfundo zoyenera kukwaniritsidwa malonda asanathe, ndipo apa ndipo anakhalitsa. Anati nyumba ya pa lizi siigulidwa monga njinga, kuti uyu apereka ndalama, uyo apereka chiwongolero. Pali zinthu zimene zili m'manja mwa anthu ena, amene sanasaine nawo pangano. Lizi ya Boma siisamutsidwa kwa munthu wina popanda chilolezo cha Nduna ya za Malo, ndipo a za Malo amayamba aona ngati msonkho wa malo wa chaka ndi chaka unalipidwa. Bungwe lotolera misonkho la MRA limapereka kalata yosonyeza kuti wogulitsa alibe mangawa a msonkho. Banki ya mphunzitsi ingavomere ngongole kapena ingakane. Ndiponso m'mabuku a ku ofesi ya za Malo mungapezeke kuti nyumbayo inaikidwa kale pa ngongole ya banki ina, kapena kuti lizi yatsala ndi zaka zochepa, kapena kuti dzina lolembedwamo ndi la bambo wake wa wogulitsa amene anamwalira, ndipo chuma chamasiye sichinagawidwe mwa lamulo.

Chili chonse mwa zinthu izi chingathe kupha malonda. Tsono pangano labwino limazitchula, ndipo pa chili chonse limayankha mafunso atatu: adzachita ndani, pofika tsiku liti, ndipo chikalephereka ndalama zidzapita kuti. Mkuluyo anawerenga mau amene mphunzitsi ndi msodzi angalembe pa nkhani ya chilolezo:

"Wogulitsa adzapempha chilolezo cha Nduna ya za Malo pasanathe masiku 14 kuchokera pa tsiku la pangano lino, ndipo adzalipira yekha msonkho wonse wa malo umene uli m'mbuyo. Ngati chilolezo sichinatuluke pofika pa 1 Sepitembala, popanda kulakwa kwa wogulitsa kapena wogula, ali yense wa awiriwa angathe kuthetsa pangano polembera mnzake kalata, ndipo chikole chonse chidzabwezedwa kwa wogula pasanathe masiku 7."

Anati taonani kuti m'mau ochepawa muli dzina la wochita ntchito, muli masiku, muli ndi njira ya ndalama. Anthu ambiri amangolemba kuti "malonda adzatha mapepala akatuluka." Mau otere alibe malire. Mapepala angatenge miyezi itatu kapena zaka ziwiri, ndipo nthawi yonseyo mphunzitsi sangagule nyumba ina chifukwa ndalama zake zagwidwa, msodzi naye sangagulitse kwa wina. Tsiku la 1 Sepitembala ndi khomo lotulukira onse awiri. Ngati tsikulo lafika ndipo onse afunabe malonda, angathe kulemba tsiku lina ndi kusaina, koma alembe ndithu, asangogwirizana pa foni.

Mau akuti "popanda kulakwa" nawonso ali ndi ntchito. Tiyerekeze kuti mu Julaye kwabwera munthu wa ku Blantyre wofuna kumanga nyumba yopumuliramo alendo, ndipo wauza msodzi kuti adzapereka K26,000,000. Msodzi angaganize zongokhala chete osapita ku ofesi ya za Malo, kuti 1 Sepitembala ipite, abweze chikole, ndi kugulitsa kwa mlendoyo. Lamulo sililola munthu kupindula ndi cholepheretsa chimene wachipanga yekha. Wogula angazindikire chinyengo chotere msanga ngati pangano linena kuti wogulitsa amuonetse kope la kalata yopempha chilolezo ndi lisiti la ku ofesi. Masiku 14 akapita popanda lisiti, wogula adziwe kuti pali kanthu, asadikire Sepitembala.

Chimodzimodzinso ndi ngongole ya mphunzitsi. Ngati iye adalira banki, alembe kuti malonda aimira pa kuvomera kwa banki ngongole ya ndalama zakuti pofika tsiku lakuti. Akapanda kulemba, ndipo banki ikakana, pa malamulo iye ndiye waswa pangano, ndipo K2,000,000 zapita. Kusowa ndalama si chifukwa chomasula munthu pa pangano. Mkuluyo anati aphunzitsi ndi ena odikira ndalama zopumira pa ntchito asamale kwambiri pamenepa, pakuti tsiku limene ndalamazo zidzatuluke silili m'manja mwao, ndipo si nzeru kulonjeza tsiku lolimba pa ndalama zimene munthu sanazione.

Za malire ananena mwachidule kuti wogula ayende ndi wogulitsa ndi anansi kukaona mabikoni asanasaine, ndipo ngati ena anazulidwa kapena anakwiririka ndi mchenga, kuwapezanso kukhale imodzi ya mfundo za m'pangano.

Mutu wachitatu unali wa tsiku lomaliza. Limeneli ndi tsiku limene zinthu zonse zimasinthana manja nthawi imodzi: wogula apereka K18,000,000, ndipo wogulitsa apereka pepala losamutsa lizi losainidwa, lizi yeniyeniyo, chilolezo cha Nduna, kalata ya misonkho ndi makiyi, m'nyumba mulibe munthu kapena katundu. Pangano litchule malo ndi ora. Popeza tsiku lotulukira chilolezo silidziwika, angalembe kuti tsiku lomaliza lidzakhala masiku 14 kuchokera pamene wogulitsa wadziwitsa wogula m'kalata kuti chilolezo chatuluka. Linenenso kuti mabilu a madzi ndi magetsi ndi malipiro a mlonda kufikira tsikulo ndi a wogulitsa. Mkuluyo anati saona chabwino pa mwambo wopatsa wogula makiyi asanamalize kulipira. Munthu akalowa, nabzala mitengo, nakhoma malata atsopano, kumutulutsa malonda atafa ndi mlandu wina wautali.

Kodi munthu akachedwa ndi tsiku limodzi, malonda afa? Anati yankho lili m'pepala. Pa malonda a malo, lamulo limaona tsiku lolembedwalo monga tsiku loyenera kusungidwa, ndipo wochedwa angalipitsidwe pa zimene kuchedwa kwake kwaononga, koma kuchedwa pang'ono pakokha sikupatsa mnzake mphamvu yothetsa malonda. Zimasintha ngati pangano linena kuti nthawi ndi mfundo yaikulu ya panganolo. Mau amenewa ndi akuthwa koposa m'mene amaonekera. Ku Hong Kong munthu wina anagula nyumba ya madola a kumeneko 4,200,000, napereka chikole cha 420,000. Pangano linati amalize pofika 5 koloko madzulo pa 30 Sepitembala 1991, ndipo linati nthawi ndi mfundo yaikulu. Mthenga wake anafika ndi ndalama atachedwa ndi mphindi 10. Wogulitsa anakana ndalamazo, nathetsa malonda, nasunga chikole. Mlandu unafika ku Privy Council, ndipo m'chaka cha 1997 oweruza anati wogulitsa sanalakwe. "Tsono inu amene mudzakwera minibasi kupita ku banki ku boma m'mawa wa tsikulo," mkuluyo anati, "muyambe mwaganiza za mseu ndi za mzere wa ku banki musanavomere mau otere."

Njira imene iye anaiyamikira ndi ya kalata ya chenjezo. Pangano linene kuti wina akalephera pa tsiku lomaliza, mnzake, amene ali wokonzeka kuchita mbali yake, amulembere kalata yomupatsa masiku 21, ndipo m'masiku amenewo nthawi ikhale mfundo yaikulu. Wochedwa kulipira aonjezere chiwongoladzanja chimene chalembedwa kale m'pangano. Masiku 21 akatha, wolakwa wadziwika bwino lomwe, ndipo palibe wonena kuti anadzidzimutsidwa. Pepala linenenso kumene kalata zotere zidzaperekedwe, ndipo woipereka apite ndi mboni.

Apa anakumbutsa anthu chinthu chimene onse anachiona ndi maso. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri, nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Ngati madzi kapena moto ziononga nyumba pakati pa 2 Juni ndi tsiku lomaliza, wataya ndani? Ambiri anayankha kuti wogulitsa, popeza makiyi akali kwa iye. Mkuluyo anati lamulo lakale la Angerezi linena zina, kuti tsoka lotere limagwera wogula kuyambira pamene pangano lamanga onse awiri, ndipo angakakamizidwe kulipira mtengo wonse pa nyumba yogumuka. Chifukwa chake wogula wa ku gombe asasiye nkhaniyi kwa oweruza. Alembe kuti nyumba ili pa mutu wa wogulitsa kufikira tsiku lomaliza, ndi kuti ikaonongeka kwambiri tsikulo lisanafike wogula angathe kuthetsa pangano ndi kulandira chikole chake.

Pomaliza anafotokoza zimene wolakwiridwa angachite pangano likasweka, nabwerera kwa anthu awiri aja. Tiyambe ndi mphunzitsi. Chilolezo chatuluka, masiku 21 apita, ndipo iye sanabwere ndi K18,000,000. Msodzi athetsa pangano m'kalata, atenga K2,000,000 kwa loya, ndipo ali ndi ufulu wogulitsa kwa wina. Akagulitsa pa K21,000,000 chikole chikhalabe chake. Koma akagulitsa pa K17,000,000, atayesetsa moona kupeza mtengo wabwino, wataya K3,000,000. Angathe kusumira mphunzitsi, koma chikole chiwerengedwe, kotero kuti chotsala ndi K1,000,000, pamodzi ndi zimene waononga pogulitsa kachiwiri. Sangadye kawiri. Ndiponso sangagulitse kwa mlamu wake pa K10,000,000 ndi kunena kuti mphunzitsi alipire K10,000,000 zotsalazo, pakuti wolakwiridwa ayenera kuchepetsa kutaya kwake m'mene angathere.

Nanga akaswa ndi msodzi, chifukwa cha K26,000,000 za mlendo uja? Ambiri amayesa kuti wogulitsa akabweza chikole mlandu watha. Sizili tero. Mphunzitsi ali ndi njira ziwiri, ndipo asankha yekha. Yoyamba ndi kulandira ndalama: chikole chake, zimene analipira kwa loya ndi kwa oyesa malo, ndi kusiyana kwa mtengo wa m'pangano ndi mtengo weniweni wa nyumbayo pa nthawi imene pangano linasweka. Ngati nyumbayo ifikadi pa K26,000,000, kusiyanako ndi K6,000,000, ndipo phindu lonse limene msodzi analithamangira lathera pomwepo. Chiwongoladzanja pa chikole chobwezedwa mochedwa chilembedwenso m'pangano. Onse akumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi. Munthu amene anapereka chikole chaka chimenecho nabwezeredwa chiwerengero chomwecho patapita chaka, sanabwezeredwe ndalama zake zonse.

Njira yachiwiri ndi kupempha Khoti Lalikulu kuti lilamule wogulitsa kumaliza malonda monga analonjezera. Pa matumba a chimanga khoti silichita zimenezi, pakuti munthu angagule chimanga china ndi ndalama za chipukutamisozi. Koma malo ali onse ndi a okha, ndipo palibe malo ena amene ali pa gombe lomwelo pansi pa mlambe womwewo. Chifukwa chake pa malo khoti limalola kawirikawiri. Koma lamulo lotere silingoperekedwa kwa ali yense wopempha. Mphunzitsi asonyeze kuti iye anasunga mbali yake, kuti K18,000,000 zilipo, ndi kuti sanagone. Lamulo limapatsa munthu zaka 6 zosumira pa pangano losweka, koma wofuna nyumba yeniyeniyo sangadikire zaka. Mlendo uja akagula osadziwa za pangano loyamba, ndipo dzina lake likalowa m'buku la malo, nyumba yapita, mphunzitsi watsala ndi mlandu wa ndalama pa munthu amene mwina wadya kale zonse. Tsono akangomva mphekesera apite kwa loya tsiku lomwelo, kuti apemphe chiletso ku khoti, ndipo ngati malowo ali m'kaundula wa lamulo la 1967 lolembetsa malo, aikitse chenjezo m'bukumo, loletsa kusintha dzina iye asanamvedwe.

Mfumu ina inaimirira ndi kufunsa ngati mau onsewa akhudzanso malo a m'mudzi, pakuti anthu ambiri amabwera kudzapempha chidindo pa mapepala ogulitsana malo a ku gombe. Mkuluyo anayankha mwaulemu kuti, "Mfumu, mwafunsa chinthu chachikulu. Pangano lolembedwa bwino silisandutsa chinthu chosagulitsika kukhala chogulitsika." Anati malo a makolo sali ngati malo a lizi. Pa lamulo la malo la 1965 malo amenewa anali chuma cha anthu onse a m'Malawi, ndipo makhoti anakana malonda a malo otere ngakhale panali chidindo cha mfumu. Malamulo atsopano a 2016 anabweretsa makomiti a za malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo, ndipo m'chaka cha 2022 anasinthidwanso, nakhwimitsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino ndi kugulitsa malo a lizi opanda chitukuko. Chotero munthu asanapereke chikole pa malo ali onse, ayambe wafunsa ku ofesi ya za Malo pa boma ngati malowo aloledwa kugulitsidwa. Wopereka ndalama pa malonda oletsedwa sangapemphe khoti kuti limupatse malowo, ndipo ngakhale kupeza ndalama zake kungamuvute.

Mayi wina anafunsa za mwamuna wogulitsa nyumba imene anamanga pamodzi ndi mkazi wake, mkaziyo osadziwa. Mkuluyo anati, "Amayi, wogula wanzeru sakondwa ndi siginecha imodzi pa nyumba ya banja." Anati wogula aumirire kuti mkaziyo asaine nawo kuti wavomera, ndipo ngati nyumba ndi yamasiye, wogulitsa aonetse kalata ya khoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Izinso zikhale mfundo za m'pangano, ndi tsiku lake, ndi mau akuti zikalephereka chikole chibwerera.

Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anafunsa ngati pangano liyenera kulembedwa m'Chingerezi kuti likhale ndi mphamvu. Mkuluyo anati malonda a malo afuna umboni wolembedwa ndi wosainidwa, koma mphamvu ya pangano siili m'chinenero. Mapepala osamutsa lizi amene amapita ku ofesi ya za Malo amakonzedwa ndi loya m'Chingerezi, koma pangano la pakati pa anthu awiri lingathe kukhala ndi kope la Chichewa, ndipo linene kuti akasiyana makope awiriwo lidzatsatidwa ndi liti. "Aphunzitsi, inu ndinu amene anthu amakuitanani kudzawerenga mapepala otere," iye anati. Anawapempha kuti akaitanidwa awerenge mokweza tsamba lililonse, amasulire m'Chiyao kwa amene amva bwino Chiyao, ndipo alembe pansi pake kuti anawerenga ndi kumasulira pa tsiku lakuti. Wosadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni ziwiri zimene si abale a mbali inayo. Onse awiri asaine tsamba lililonse, osati lomaliza lokha, ndipo pamene mau afufutidwa kapena kuonjezedwa ndi cholembera asainenso pambali pake. Makope akhale atatu: la wogula, la wogulitsa, ndi la wosunga chikole.